Mita imodzi, makomo atatu: mawu othetsera mkangano wa mayunitsi

Mita yolipiriratu siitchula dzina la munthu. Imangosonyeza mayunitsi otsala, ndipo akafika pa ziro magetsi amathima m'nyumba zonse zolumikizidwa kwa iyo. Amathima kwa amene anapereka ndalama yake pa 1 mwezi, amathimanso kwa amene sanapereke. Kale, m'masiku a bilu yobwera mwezi ukatha, anthu ankakangana magetsi akuyaka. Lero amakangana mumdima, nsima ili pakati pa kupsa, mwana akulemba ntchito ya kusukulu, ndipo mawu otuluka pa nthawi yotero sakhala osankhidwa bwino.

Ku Ndirande, ku Kawale, ku Chinsapo ngakhalenso ku Chibavi, mapuloti ambiri ali ndi nyumba yaikulu ya eni ake kutsogolo ndi nyumba za lendi kumbuyo, zonse pa mita imodzi ya ESCOM. Pangano lomwe limapezeka kawirikawiri ndi lapakamwa: "Tizisonkha mofanana." Pangano limeneli limayenda miyezi ingapo, kenaka mayunitsi amayamba kutha pa 20 m'malo mofika kumapeto kwa mwezi. Alandilodi amati alendi agula zipangizo mobisa. Alendi amati alandilodi sakuika ndalama yonse m'mita. Onse amalankhula za ndalama ndi za khalidwe la mnzawo, pomwe chinthu chimene chikutha ndi mayunitsi, ndipo mayunitsi amawerengeka.

Tiyerekeze puloti ya makomo atatu. M'nyumba yaikulu muli mayi eni puloti ndi ana awo. Kumbuyo kuli aphunzitsi ndi akazi awo ndi mwana mmodzi, ndipo m'chipinda chakumapeto muli mnyamata wosakwatira wogwira ntchito m'tauni. Khomo lililonse limapereka K10,000 pa mwezi, ndipo tinene kuti K30,000 imeneyi imagula mayunitsi 200. Mtengo weniweni umasintha bungwe la MERA likavomereza mitengo yatsopano, choncho owerenga aike nambala za pa risiti yawo. Njira yowerengera ndiyo yosasintha.

Yunitsi imodzi ya magetsi, imene pa mita imalembedwa kuti kWh, ndi mphamvu yomwe chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Mawati a chipangizo amalembedwa pansi pake kapena kumbuyo kwake, nambala yotsatiridwa ndi chilembo W. Mukachulukitsa mawati ndi maola amene chimayaka, n'kugawa ndi 1,000, mwapeza mayunitsi. Masamu ake ndi omwewo basi, ndipo mwana wa sitandade 7 akhoza kuwachita pa kope la kusukulu.

Chimene chimadabwitsa anthu akawerengera ndi ichi: zinthu zowala ndi zolira sizidya kwambiri, zotentha ndiye zimadya. Babu la mawati 9 loyaka maola asanu usiku uliwonse silikwana ngakhale yunitsi imodzi ndi theka pa mwezi wathunthu. Wailesi ya kanema ya mawati 60 yoonera maola asanu pa tsiku imadya mayunitsi 9 pa mwezi. Koma hotipuleti ya mawati 1,000 yophikira maola awiri pa tsiku imadya mayunitsi 60. Ndiye kuti mwininyumba amene amadzudzula mlendi chifukwa chosiya babu la pakhonde likuyaka, iye akuphikira nyemba pa hotipuleti, akuthamangitsa mbewa njovu ili m'munda.

Pa puloti yathu, mayi aja ali ndi firiji yomwe imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa tsiku, ndiye 30 pa mwezi. Hotipuleti yawo imadya 60. Mababu, wailesi ya kanema ndi simbi yositira zikaphatikizidwa zimafika 25. Onse pamodzi ndi 115. Aphunzitsi amaphikira pa mbaula ya makala, koma ali ndi ketulo ya mawati 2,000 yomwe imayaka mphindi 15 pa tsiku, ndiye theka la yunitsi tsiku lililonse, 15 pa mwezi. Zina zonse za m'nyumba mwawo ndi pafupifupi 20, kukwana 35. Mnyamata uja, yemwe aliyense ankamuyesa wosadya magetsi chifukwa amachoka m'mawa n'kubwera usiku, ali ndi hita yoviika mu ndowa ya mawati 1,500 yomwe imayaka mphindi 40 m'mawa uliwonse. Imeneyo ndi yunitsi yathunthu pa tsiku, 30 pa mwezi, ndipo ndi mababu ake awiri ndi kutchaja foni amafika 35. Patsala mababu awiri apanja oyaka usiku wonse, a mawati 20 lililonse, omwe amadya pafupifupi 15 ndipo amalondera makomo onse atatu mofanana.

Mukagawa a panjawo, asanu khomo lililonse, mayi akhala ndi 120, aphunzitsi 40, mnyamata 40. Pa K30,000 ija, gawo la mayi ndi K18,000, la aphunzitsi K6,000, la mnyamata K6,000. Alendi awiriwa akhala akulipira K4,000 yoposa gawo lawo mwezi uliwonse. Koma izi sizikutanthauza kuti mayi aja ndi akuba, ndipo amene angalowe m'zokambirana ndi mawu amenewo waononga kale nkhani yake. Mayiwo sankadziwa kuti hotipuleti imodzi imadya kuposa khomo lonse la aphunzitsi. Pa puloti ina masamu omwewa amagwira mlendi, amene ali ndi firiji yaikulu yogulitsira mafirizesi pomwe eni nyumba ndi agogo a mababu atatu.

Kuwerengera kotereku ndi kongoyerekeza, ndiye kuyesedwe ndi mita yeniyeni. Mayunitsi 200 pa mwezi ndi pafupifupi 7 pa tsiku. Kwa mlungu umodzi, anthu awiri ochokera m'makomo osiyana aziwerenga mita nthawi yofanana madzulo aliwonse n'kulemba nambala m'kope. Ngati mita ikutsika ndi 6 kapena 7, mndandanda wa zipangizo uli bwino. Ngati ikutsika ndi 10, pali chimene sichinatchulidwe: mwina chipangizo chobisidwa, mwina firiji yakale yomwe labala wa pachitseko chake anatha ndipo imalira osapuma, mwinanso waya wopita kwa aneba. Pofuna kudziwa, zimitsani ndi kuzula chilichonse m'makomo onse masana, muyang'ane kagetsi kofiira kamene kamaphethira pa mita magetsi akamagwiritsidwa ntchito. Kakapitirizabe kuphethira, magetsi akupita kwina, ndipo apo pafunika katswiri wa zamagetsi wovomerezeka. Musatsekule mita kapena kudula chidindo chake, chifukwa mitayo ndi ya ESCOM ndipo kuisokoneza ndi mlandu.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimadanitsa anthu popanda wolakwa. Choyamba, pa mita za m'nyumba mayunitsi 50 oyamba kugulidwa pa mwezi amakhala otsika mtengo kuposa otsatira. Ndiye ngati makomo amagula mosinthana, wogula koyamba amapeza mayunitsi ambiri pa ndalama yomweyo, ndipo wogula pakati pa mwezi amaoneka ngati wadya ina. Chachiwiri, ngati pa mita pali ngongole yakale, gawo la ndalama iliyonse yogulira likhoza kumadulidwa kubweza ngongoleyo. Risiti kapena uthenga wa pafoni wobwera ndi tokeni, nambala zija 20 zolowetsa m'mita, umasonyeza ndalama yolipiridwa ndi mayunitsi operekedwa. Ngongole yomwe inalipo mlendi asanalowe si yake, ndipo si chilungamo kuti aziibweza mosadziwa.

Tsopano nambala zilipo, koma nambala zokha sizithetsa mkangano. Munthu akhoza kukhala ndi masamu olondola n'kutulutsidwabe m'nyumba chifukwa cha kalankhulidwe. Uthenga woyamba ndiye umatsegula kapena kutseka khomo. Aphunzitsi atalemba kuti, "Mayi, mwakhala mukutibera, kuyambira lero sitiperekanso," mayiwo aziteteza ulemu wawo, za hotipuleti sazimvanso. Uthenga wothandiza ndi wotere:

"Mayi, ndakupatsani moni. Miyezi itatu yapitayi mayunitsi akhala akutha mwezi usanathe, ndipo tonse tikuvutika. Ndikupempha kuti Loweruka madzulo tikhale pansi makomo onse atatu, aliyense atchule zipangizo zake, ine ndiyamba ndi zanga, tione kumene mayunitsi akupita. Gawo langa la mwezi uno ndapereka kale monga mwa nthawi zonse."

Uthengawu watchula chinthu chimene onse akuchiona, sunaweruze mtima wa munthu. Wolembayo wadziika yekha poyamba pa sikelo. Komanso wasonyeza kuti sakufuna kuthawa kulipira, ndipo chimenecho ndicho mwininyumba aliyense amaopa akamva mlendi akudandaula. Mawu akuti "nthawi zonse inu" ndi "simunayambe mwa" asiyidwe kunja, chifukwa mnzanu akapeza tsiku limodzi lomwe sizinali choncho, nkhani yonse imasanduka ya tsiku limenelo. Mwininyumba akakhala woyambitsa, nayenso achite chimodzimodzi: "Aphunzitsi, mayunitsi sakukwana. Ndisanaganizire munthu, tiyeni tiwerengere limodzi, kuyambira m'nyumba mwanga." Ndipo nkhaniyi ikambidwe magetsi akuyaka, osati usiku umene athima.

Nkhani yovuta kwambiri pa msonkhano wotero ndi ya m'mbuyo. Alendi akaona K4,000 ija amayamba kuchulukitsa ndi miyezi yonse imene akhala pa puloti. Ine ndikuona kuti kutero n'kulakwa, ngakhale kumamveka. Iwo anavomera okha kusonkha mofanana, ndipo palibe amene angatsimikize kuti chaka chatha zipangizo zinali zomwezi. Komanso si bwino kuti mayi angoti zakale zapita, chifukwa alendi anadandaula ndipo sanamvedwe. Malire achilungamo ndi tsiku limene dandaulo linaperekedwa koyamba. Ngati linaperekedwa miyezi itatu yapitayo, mlendi aliyense abwezeredwe K12,000, osati ndi ndalama yapamanja, koma posapereka gawo lake la K6,000 kwa miyezi iwiri. Mayi sakutulutsa ndalama yambiri nthawi imodzi, alendi akuona kuti dandaulo lawo linali ndi mtengo. Polemba, chiganizo chake chisanyoze wina: "Titawerengera pamodzi tapeza kuti magawo akale sankagwirizana ndi mayunitsi a khomo lililonse. Palibe amene anachita dala. Kusiyana kwa miyezi itatu kubwezedwa motere, ndipo zikatero nkhani ya m'mbuyo yatha, palibe adzaidzutsenso."

Pangano la m'tsogolo lilembedwe pa pepala limodzi. Mapangano ambiri amalephera chifukwa cha mawu okoma koma opanda muyeso. "Tizigawana mwachilungamo" aliyense amavomera, chifukwa aliyense ali ndi chilungamo chake m'mutu. "Aliyense azilipira zimene wagwiritsa ntchito" n'chimodzimodzi ngati palibe choyezera. "Tizilipira msanga" kwa wina ndi pa 1, kwa wina ndi akalandira. Chiganizo chilichonse cha pangano chiyenera kuyankha kuti ndani, zingati, liti, ndipo tidziwa bwanji. Pa puloti yathu likhoza kumveka motere:

"Ife okhala pa puloti ino, pa mita nambala yakuti, tagwirizana lero, mita ikusonyeza mayunitsi akuti, kuti pa K100 iliyonse ya magetsi nyumba yaikulu izipereka K60, khomo lachiwiri K20, khomo lachitatu K20. Magawo onse aziperekedwa pofika pa 3 mwezi uliwonse kwa wogula mmodzi, amene azigula kamodzi n'kutumiza uthenga wa tokeni kwa makomo onse tsiku lomwelo. Mayunitsi akatha mwezi usanathe, zoonjezera tizisonkha m'magawo omwewa."

Kulemba gawo pa K100 iliyonse, m'malo molemba K6,000, kumathandiza kuti mitengo ikakwera pangano lisafe. Kugula kamodzi kumathetsa vuto la mayunitsi otsika mtengo aja, poti onse amapindula nawo. Ndipo kutumiza uthenga wa tokeni, kaya wagula pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kwa ejenti, kumachotsa kukayikira kwakukulu kuposa konse, kuti ndalama sinalowe yonse. Mwininyumba asaone ngati kumufunsa uthengawo n'kumunyoza. Amene amasunga ndalama za anzake amaonetsa risiti, kutchalitchi ndi kubanki mkhonde zili choncho.

Pangano linenenso za chipangizo chatsopano: "Amene wagula chipangizo chotenthetsa kapena choziziritsa adziwitse anzake asanayambe kuchigwiritsa ntchito, ndipo magawo awerengedwenso." Taonani kuti chiganizochi sichikuletsa. Eni nyumba ambiri amakonda kulamula kuti alendi asaphikire magetsi, iwo akuphikira. Lamulo lotere limangophunzitsa anthu kubisa hotipuleti pansi pa bedi ndi kuphika usiku. Kuletsa kuli ndi malo ake pokhapokha mawaya a nyumba zakumbuyo ali ang'ono moti sangapirire chipangizo chachikulu, ndipo chifukwa chimenecho chinenedwe poyera, poti ndi nkhani ya moto osati ya ndalama.

Wina akachedwa kulipira, chimene eni nyumba ambiri amachita ndi kuzimitsa switchi yopita kumbuyo, ndipo chimene alendi ambiri amachita pobwezera ndi kudula ndalama pa lendi osauza munthu. Zonse ziwiri zimasandutsa nkhani ya K6,000 kukhala nkhani ya nyumba. Kuzimitsa kumalanga mwana yemwe sanalakwe ndi mlendi winayo yemwe analipira, ndipo kudula lendi kumapatsa mwininyumba chifukwa chenicheni chotulutsira munthu. Pangano liike njira ina: "Wochedwa adziwitse anzake tsiku lolipira lisanafike ndi kutchula tsiku limene adzapereke. Amene wamuikira gawo lake alembe m'kope, ndipo abwezeredwe pasanathe masiku 14. Ndalama ya magetsi ndi ya lendi sizidzaphatikizidwa pokhapokha onse awiri atasaina. Palibe adzazimitsire mnzake magetsi chifukwa cha ngongole. Zikakanika, nkhani ipita kwa amfumu a dera lino kapena munthu wina amene tonse tamuvomera." Mkhalapakatiyo asankhidwe tsiku losaina, mitima ili pansi, chifukwa mkangano ukabuka aliyense amakana munthu amene mnzake wamutchula.

Kumene ndalama ikulola, sabumita imachotsa kuyerekeza konse. Ndi kamita kakang'ono koikidwa pa waya wopita ku khomo limodzi, kowerenga mayunitsi odutsa. Nambala yake imangokwera, ndiye mumachotsera ya mwezi watha pa ya mwezi uno. Poti imatsala pa nyumba mlendi akasamuka, n'koyenera kuti woigula akhale mwininyumba, kapena mlendi aigule n'kubwezeredwa pang'onopang'ono mwa pangano lolembedwa. Koma ili ndi malire ake. ESCOM imadziwa mita yake yokha, choncho yaikulu ikafika pa ziro onse ali mumdima ndithu. Komanso pangano linene kuti yunitsi ya pa sabumita izilipiridwa pa mtengo wa pa risiti, ndalama yonse kugawa ndi mayunitsi onse, popanda kuikapo phindu. Njira yothetseratu nkhani ndi kufunsira mita yakeyake ya khomo lililonse, ndipo ameneyo ndi udindo wa mwini puloti.

Madzi amafuna muyeso wina. Mabungwe monga Lilongwe Water Board ndi Blantyre Water Board ali nazonso mita zolipiriratu, ndipo yunitsi imodzi ya madzi ndi malita 1,000, kapena kuti ndowa 50 za malita 20. Apa chowerengera si zipangizo koma mitu ya anthu, kuphatikizapo ana, chifukwa thewera ndi yunifolomu zimamwa madzi kuposa munthu wamkulu. Pa puloti ya anthu khumi, khomo la anthu asanu ndi mmodzi lipereke magawo 6 pa 10, la atatu magawo 3, la mmodzi gawo limodzi. Amene ali ndi chimbudzi chogejemula, dimba lothirira kapena bizinesi yochapa aonjezerepo, ndipo mlendo wokhala kupitirira milungu iwiri awerengedwe ngati mutu. Madzi akayamba kutha msanga, musanaloze chala yesani kudontha: tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala ya pa mita, muonenso m'mawa wina asanatunge. Ikasintha, madzi akutayika, kawirikawiri m'thanki ya chimbudzi yomwe siitseka bwino kapena m'paipi yokwiriridwa. Mapaipi a mkati mwa puloti ndi a mwininyumba, ndiye mawu oyenera ndi akuti: "Mlendi akaona kudontha anene tsiku lomwelo. Madzi otayika kuchokera tsiku lonenalo mpaka kukonza alipira eni nyumba. Ngati mlendi anaona osanena, kapena anathyola yekha mpopi, alipira iye."

Tsiku losamuka nalo lili ndi kamkangano kake. Tokeni imagwira pa mita imene inagulidwira yokha, choncho mayunitsi otsala mlendi sanganyamule. Ngati anali ndi mita yakeyake, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka onse awiri ajambule mita ndi foni n'kulemba nambala m'kope. Wolowa atapeza 12 n'kutuluka atasiya 40, eni nyumba amubwezere mtengo wa mayunitsi 28 pa mtengo wa risiti yomaliza. Atasiya 5, iye ndiye alipire 7. Pa mita yogawana, gawo la mwezi womaliza liwerengedwe ndi masiku amene wakhala, ndipo magawo a otsala awerengedwenso pomwepo, osadikira kuti mlendi watsopano alowe.

Eni nyumba ena amakana kusaina, amati pepala ndi la anthu osakhulupirirana. Mlendi asaumirire mpaka kuyambana. Akatha kukambirana, atumize uthenga wa pafoni wobwereza zimene agwirizana, magawo, tsiku lolipira ndi za m'mbuyo, n'kumaliza ndi funso lakuti, "Mayi, kodi ndalemba monga tinakambirana? Ngati pena ndaphonya mundikonze." Yankho lakuti "zili bwino" lisungidwe pamodzi ndi mauthenga a tokeni ndi zithunzi za mita, chifukwa nkhani ikadzafika kwa amfumu kapena kubwalo la majisitireti, zimenezo n'zimene adzafunse kuti aone.